Imelo yotsimikizira zomwe munagwirizana pafoni

"Abale, ndimaphika zakudya za pamisonkhano kuno ku Zomba. Dzulo abwana ena a bungwe anandiimbira foni, tagwirizana kuti mwezi wamawa ndiphikire anthu 40 masiku atatu, K9,000 pa munthu. Palibe chimene talemberana. Mnzanga akuti ndiwatumizire imelo, koma ndikuopa kuti aona ngati sindikuwakhulupirira. Ndilembe bwanji?"

Achemwali, tumizani lero lomwe, zomwe munakambirana zikadali m'mutu mwa nonse awiri. Za manthazo chotsani. Anthu a m'maofesi imelo yotere amaikonda, chifukwa abwana anuwo si amene amasunga ndalama. Ayenera kupita kwa akauntanti, ndipo akauntanti satulutsa ndalama pa mawu oti "tinagwirizana pafoni". Mukawalembera mwawapatsa pepala loti akaonetse.

Koma ndiyambe ndi mtengo wanuwo, chifukwa ine nditawerenga sindinaumve. K9,000 pa munthu, ndi ya tsiku limodzi kapena masiku onse atatu? Ndi nkhomaliro yokha, kapena ndi tiyi wa m'mawa ndi madzi omwe? Inu m'mutu mwanu mukudziwa. Iwonso m'mutu mwawo akudziwa, kungoti mwina sakudziwa zomwe mukudziwa inuzo. Ntchito yaikulu ya imelo ndi imeneyi, kuti ngati munamvana mosiyana, zidziwike musanagule mpunga ndi nkhuku.

Ndinapsapo nazo ine. Bungwe lina linandiuza pafoni kuti anthu ndi 40, msonkhano uli cha ku Domasi. Ndinalawirira ku msika waukulu wa Zomba, kugula za anthu 40, kuphika, kukwezetsa mapoto pagalimoto. Kunabwera anthu 28 okha. Polipira anatenga pepala limene anthu amasainira lija nkuwerenga maina 28. Ndinalibe poyambira, poti sitinanenepo kuti tidzawerenga mbale zophikidwa kapena anthu odya. Pa mtengo wanuwu, ngati ndi wa tsiku limodzi, anthu 40 masiku atatu ndi K1,080,000, pamene 28 ndi K756,000. K324,000 imeneyo ndiye phindu lanu, mwinanso ndi mpamba womwe.

Tiyerekeze kuti K9,000 ndi ya tsiku limodzi. Pa Subject lembani zoti mudzazipeze msanga, monga "Kutsimikiza zakudya za msonkhano wa 12 mpaka 14 Ogasiti". Kenako motere:

"Abwana, zikomo chifukwa cha foni yanu ya dzulo. Ndalemba zomwe tinagwirizana kuti muone ngati ndinamva bwino. Ndidzaphikira anthu 40 kuyambira Lachiwiri pa 12 mpaka Lachinayi pa 14 Ogasiti, ku holo yanu ku Chinamwali. Mtengo ndi K9,000 pa munthu mmodzi pa tsiku, ndipo muli tiyi wa 10 koloko m'mawa, nkhomaliro ndi botolo limodzi la madzi. Zonse pamodzi ndi K1,080,000. Pali zitatu zomwe sitinakambirane ndipo ndikupempha: kuti theka, K540,000, lilowe pofika Lachisanu pa 8 Ogasiti, lotsalalo pasanathe masiku 14 ndikapereka invoisi, kuti chiwerengero chikasintha mundiuze kutatsala masiku awiri, apo ayi malipiro akhale a anthu 40, ndiponso kuti mundiuze ngati mudzadula msonkho pa ndalamayi. Chonde yankhani imelo ino kuti mwavomereza, kapena mundikonze pomwe ndalakwitsa."

Ngati ofesiyo imalemba m'Chingerezi, lembani m'Chingerezi, mfundo zake ndi zomwezi.

Mwaona kuti ndalekanitsa zomwe munagwirizana ndi zomwe mukupempha kumene. Apa ambiri amalakwitsa. Amalowetsa dipoziti pakati ngati kuti inanenedwa pafoni, poganiza kuti winayo sazindikira. Akazindikira, imelo yonse amayamba kuikayikira, ndipo ulemu umene mumaopa kutaya uja mwautaya zenizeni tsopano.

Madeti musalembe manambala okhaokha. 08/09 wina awerenga 8 Seputembala, wina amene anazolowera kalembedwe ka ku Amereka awerenga 9 Ogasiti, ndipo m'mabungwemu muli anthu ochokera kosiyanasiyana. Lembani dzina la tsiku, deti ndi dzina la mwezi. Chimodzi chikalakwika, chinzake chimaulula. Mawu oti "sabata yamawa" ndi apafoni, mu imelo asalowemo.

Za msonkho musazidumphe. Mabungwe ambiri amadula kaye gawo lopita ku MRA asanalipire, ndiye mu akaunti mumalowa ndalama yoperewera inu nkumati akuberani. Funsiranitu, ndipo akadula akupatseni satifiketi yake. Ngati tsiku la msonkhano lili patali, onjezaninso kuti mtengowu ukhala kufikira deti lakuti. Amene tinali titalonjeza kale mitengo pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tikukumbuka mmene mafuta ophikira anatilangira.

Tsono nachi chachikulu. Imelo imene mwatumiza inu nokha ndi theka chabe la umboni. Imangoonetsa zomwe inu munamva. Chimene chimamanga ndi yankho lawo, ngakhale likhale la mawu awiri oti "Zili bwino". Ena amalemba kuti "mukapanda kuyankha pofika Lachisanu ndiye kuti mwavomera". Zimenezo zimangothandiza kukankha munthu kuti ayankhe, koma kukhala chete si kuvomera, ndipo winayo atha kudzanena kuti sanaione. Pakatha masiku awiri kuli zii, imbani foni, mufunse mwaulemu ngati imelo inafika, mwina inagwera ku Spam. Akanena kuti "eee ndaiona, zili bwinobwino, pitirizani", apempheni adine Reply alembe mawu omwewo. Munthu amene pafoni amavomera msanga koma kulemba amazemba kawiri katatu, kawirikawiri ndiye kuti ndalamazo akuluakulu sanazivomereze, kapena akufunsanso ophika ena. Ine zikatero sindigula ngakhale anyezi.

Onaninso kumene mukutumiza. Pemphani adiresi ya kuntchito, osati Gmail yawoyawo, ndipo pa Cc muikepo wa ku akaunti kapena wogula katundu wa bungwelo. Anthu amasamutsidwa, ena amasiya ntchito, ndiye ngati nkhani yonse inali m'bokosi la munthu mmodzi, wolowa m'malo mwake adzangokuyang'anani. Ngati bungwelo limagula ndi LPO, chikalata chimene bungwe limalemba poitanitsa katundu kapena ntchito, imelo sikulowa m'malo mwake: tumizani kotesheni, mufunse nambala ya LPO, ndipo ndalama zolembedwa pamenepo zifanane ndi za mu imelo.

Wina atha kunena kuti WhatsApp ndi yokwanira. Kuposa kukhala opanda kanthu, inde, ndipo lamulo la mu 2016 loona za mauthenga ndi malonda a pa intaneti limalola kuti uthenga wa pafoni kapena pakompyuta ukhale umboni. Vuto ndi loti pa WhatsApp ena anatchera kuti mauthenga azifufutika okha, foni ikabedwa zambiri zimapita nayo, komanso mtengo umakhala uli mu voisi noti pakati pa moni ndi zithunzi. Akakuyankhani pa WhatsApp, jambulani sikirini yooneka deti ndi nambala, muitumize pa imelo yomwe ija.

Zinthu zikasintha pakati, tinene kuti akuimbirani kuti anthu akhala 45 kapena msonkhano wasunthira ku Thondwe, musayambe imelo yatsopano. Bwererani pa yakale ija, dinani Reply All, mulembe chiwerengero chatsopano, mtengo wa galimoto ngati wakwera, ndi ndalama yonse yatsopano. Anthu 45 ndi K1,215,000, ndipo theka lake ndi K607,500.