James ndi Yakobo, kodi ndi munthu mmodzi?

"Mwana wanga woyamba ndi James. Wachiwiri akubadwa mwezi wamawa ndipo ndikufuna adzakhale Yakobo, koma apongozi akuti limeneli ndi dzina limodzimodzi, komanso ati limatanthauza wonyenga. Kodi akunena zoona?"

Achimwene, kalata yanuyi yandikhudza chifukwa inenso ndine Yakobo. Dzinali anandipatsa ndi agogo anga aamuna, omwe ankawerenga Buku Lopatulika lija la 1922 mpaka chikuto chinathothoka, nachimata ndi kansalu ka chitenje. Nditayamba sukulu, mphunzitsi wina anati dzinalo ndi lachimidzi, basi nalemba Jacob m'kaundula. Ku Sande sukulu anzanga ankanditcha wakuba madalitso, ndipo tsiku lophunzira za mphodza za Esau onse ankatembenuka kundiyang'ana. Ndinakula ndikulibisa. Lero zimandinyansa ndikamva munthu akunena kuti Yakobo ndi lachikale koma James ndiye lapamwamba, pomwe lathuli ndi lomwe lili pafupi ndi gwero.

M'Chiheberi dzinali ndi Yaakov. Pa Genesis 25:26 mwana akubadwa atagwira chidendene cha Esau, ndipo chidendene m'Chiheberi ndi akev. Za unyengozo zikuchokera pa Genesis 27:36, pomwe Esau, mtima uli phuliphuli atalandidwa madalitso, akuti n'chifukwa chake anamutcha Yakobo, wandinyenga kawiri. Amenewo ndi mawu a munthu wokwiya amene akusewera ndi dzina la mbale wake. Akatswiri ambiri a zilankhulo zakalezo amati dzinali ndi chidule cha Yaakov-El, kutanthauza kuti Mulungu ateteze. Ndiye amene amalalikira kuti dzinali ndi tsoka, ine sindiwamvera.

Nanga James anachokera kuti?

Ayuda atamasulira malemba awo m'Chigiriki, kholo lija analilemba Iakob. Koma anthu a m'Chipangano Chatsopano, monga mwana wa Zebedayo ndi mbale wake wa Ambuye, analembedwa Iakobos, chifukwa Chigiriki chimakonda kuika -os kumapeto kwa maina aamuna. Chilatini chinatenga n'kupanga Iacobus. Pakamwa pa anthu wamba, b uja anafewa n'kusanduka m, dzina n'kukhala Iacomus. Musadabwe, b ndi m onse amatchulidwa milomo itatsekeka, yesani muone. Iacomus ndiye anabala Giacomo ku Italy, Jaime ku Spain, ndi James m'Chifalansa chakale, amene anawolokera ku Mangalande. N'chifukwa chake Baibulo la Chingerezi lili ndi Jacob ku Genesis koma James ku makalata, pamene lathu limangoti Yakobo konsekonse. Omasulira athu anachita bwino pamenepa, ndipo palibe angandisinthe maganizo.

Pali bodza lina lomwe limayendayenda pa WhatsApp, loti Mfumu James inalamula kuti dzina lake lilowetsedwe m'Baibulo la 1611. Ayi ndithu. Baibulo la Wycliffe, la m'zaka za m'ma 1380, linali kale ndi James, mfumuyo isanabadwe n'komwe. Ndipo mu 1611 momwemo anasindikiza Iames, Iohn ndi Iesus, poti nthawi imeneyo I ndi J ankaonedwa ngati chilembo chimodzi. Ajeremani mpaka lero amalemba Jakob koma amatchula ndi y ngati ife.

Abale athu a ku Tete akatsegula Baibulo la Chipwitikizi amapeza kalata ya Tiago. Ameneyonso ndi Yakobo. Ku Spain dzinali linafupika kukhala Iago, mtumwi Yakobo ankamutcha Sant Iago, kutanthauza Yakobo Woyera, mawu awiriwo n'kumatana kukhala Santiago, kenako anthu anadula polakwika, t wa Sant n'kutsalira ku dzina.

Yohane anayenda ulendo ngati womwewo. Anayamba ali Yohanan, kutanthauza kuti Yehova wachita chisomo, n'kukhala Ioannes m'Chigiriki, ndipo lero ndi John, Juan, João, Ivan ndi Sean. Chigiriki chinalibenso sh, ndiye Moshe anataya sh wake n'kutifika ngati Mose, Shimon ngati Simoni, ndipo Yeshua anakhala Iesous, amene ife timati Yesu. Yeshua ndi chidule cha Yehoshua, kutanthauza kuti Yehova ndiye chipulumutso. Choncho Yoswa ndi Yesu nawonso ndi dzina limodzi, ngakhale sindinaonepo apongozi akuletsa Yoswa.

Ndiye apongozi anuwo alondola theka: gwero ndi limodzi, koma za wonyengazo ndi mkwiyo wa Esau. Palibe choletsa kukhala ndi James ndi Yakobo m'nyumba imodzi, pakuti pakamwa ndi pa chiphaso chobadwira ndi maina awiri osiyana. Ngati zikukuvutanibe kuti ana awiri agawane dzina, wachiwiriyo mutcheni Yosefe, mwana wa Yakobo yemweyo. Limatanthauza kuti awonjezere, monga Rakele ananenera pa Genesis 30:24 popempha mwana wina wamwamuna. Kungoti mayi a kunyumba muwauziretu tanthauzolo asanavomere.