Diresi la mayi anga latuluka mitundu iwiri: pulogalamu iti yalondola?

Funso: Ndili ndi chithunzi chimodzi chokha cha malemu mayi anga ali mtsikana, chakuda ndi choyera, chojambulidwa cha m'ma 1960. Ndachilowetsa m'mapulogalamu awiri oika mitundu. Ina yatulutsa diresi lawo labuluu, ina lofiirira ngati dothi. Azakhali akuti diresilo linali lobiriwira. Nkhope nayonso yasalala moti sindikuwazindikira bwino. Ndikhulupirire iti?

Yankho: Khulupirirani azakhali anu, achemwali. Mapulogalamu onse awiri angolosera, ndipo ngakhale mutayesa yachitatu n'kutulutsa lobiriwira, idzakhala yangochita mwayi. Mtundu wa diresilo mulibe m'chithunzimo. Pa tsiku lojambula filimuyo inangolemba kuchuluka kwa kuwala kochokera pamalo alionse, mtundu sunalembedwe, ndiye palibe makina amene angaupeze m'chithunzimo.

Pakompyuta, kadontho kalikonse ka chithunzi cha mitundu kamakhala ndi manambala atatu, wofiira, wobiriwira ndi wabuluu, iliyonse kuyambira 0 kufika 255. Chithunzi chakuda ndi choyera chimakhala ndi nambala imodzi yokha pa kadontho. Njira yodziwika kwambiri yosandutsira atatuwo kukhala imodzi ndi iyi, pomwe R ndi nambala yofiira, G yobiriwira, B yabuluu, ndipo Y ndi mulingo wa kutuwa:

```
Y = 0.299R + 0.587G + 0.114B
```

Tengani nsalu yofiira kwambiri, manambala ake 255, 0, 0. Ipereka 76. Tengani yobiriwira modera, 0, 130, 0. Nayonso ipereka 76. Yabuluu ya 0, 80, 255 iperekanso 76. Nsalu zitatu zimene maso anu sangazisokoneze ngakhale pang'ono zasanduka kutuwa kumodzimodzi. Mitundu yonse imene manambala atatu aja angapange ndi yoposa 16 miliyoni, pomwe milingo ya kutuwa ndi 256 basi. Choncho pulogalamu ikaona 76 pa diresi la mayi anu, ili ndi mayankho masauzande ambiri amene onse akugwirizana ndi chithunzicho.

Chimene imachita ndi kusunga kuwala kwa chithunzi chanu monga kulili, n'kupeka manambala ena awiri pa kadontho kalikonse: imodzi yonena ngati kapendekera kobiriwira kapena kofiira, ina yonena ngati kapendekera kwabuluu kapena kwachikasu. Imapeka potengera zimene inaphunzira. Opanga ake amatenga zithunzi za mitundu zambirimbiri, n'kuzichotsa mitundu, n'kuiuza kuti ibwezeretse, kenako n'kumaiwongolera ikalakwa. Potsiriza imadziwa kuti chinthu chooneka ngati masamba nthawi zambiri chimakhala chobiriwira, ndipo chosalala chapamwamba pa chithunzi nthawi zambiri ndi thambo. Mu 2016 akatswiri a pa yunivesite ya California ku Berkeley, Richard Zhang, Phillip Isola ndi Alexei Efros, anaphunzitsa pulogalamu yotere, imene akatswiri amaitcha modelo, ndi zithunzi zoposa miliyoni imodzi. Eni akewo ananena poyera kuti cholinga chawo chinali kutulutsa mitundu yokhulupirika kwa woyang'ana, osati kupeza mitundu yeniyeni. Poyesa ntchito yawo ankaonetsa anthu chithunzi chenicheni ndi chopeka kuti asankhe chabodza, ndipo anthu ananyengeka pafupifupi maulendo 32 pa 100 alionse. Funso linali lakuti kodi munthu anyengeka, ndipo mapulogalamu a lero akadali panjira yomweyo.

Tsono m'chithunzi chanu muli malo amene kuloserako kumayandikira choonadi, ndi malo amene kulibe pogwira. Udzu, masamba, thambo, matabwa, njerwa zooneka bwino mizere yake: izi zili ndi mitundu yochepa yotheka, ndipo pulogalamu siphonya patali. Ngakhale pamenepa samalani, chifukwa udzu wouma ndi wauwisi umafanana ukatuwa, ndipo modelo imakonda kuubiriwitsa. Koma chilichonse chimene munthu anachinyika kapena kuchipaka utoto ndi chongolosera kotheratu: zovala, chitseko, galimoto, mbendera, yunifolomu, maluwa osindikizidwa pansalu. Diresi likhoza kukhala la mtundu uliwonse pansi pano, ndipo kasokedwe kake sikanena kanthu za utoto.

Kufiirira ngati dothi kuja ndimakuona kawirikawiri, ndipo kuli ndi chifukwa chake. Modelo ikakayika pakati pa kufiira, kubiriwira ndi buluu, ndipo inaphunzitsidwa kuti isaphonye patali, imasankha zapakati. Mukasakaniza mitundu yonseyo mumapeza chinthu chothimbirira, chabulauni. Ndiye mukaona zovala zonse m'chithunzi zatuluka zabulauni wozimiririka, dziwani kuti pulogalamuyo sinadziwe mtundu wake ndipo yangosankha zapakati. Inzake imene yatulutsa buluu inaphunzitsidwa kusankha mtundu umodzi molimba mtima. Chithunzi chake chimakongola kwambiri, koma nayonso yangolosera.

Pali chinanso chimene ambiri saganizira, ndicho filimu yeniyeniyo. Mafilimu akale otchedwa othokromatiki sankamva kuwala kofiira, ndiye chinthu chofiira chinkatuluka chakuda bii, chabuluu n'kutuluka choyererako. Pazithunzi za kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, jekete looneka lakuda likhoza kukhala kuti linali lofiira. Chanu cha m'ma 1960 mwina chinajambulidwa ndi filimu ya pankromatiki imene imamva mitundu yonse, koma ojambula ankaikanso galasi lachikasu kapena lofiira kutsogolo kwa kamera, limene limadetsa buluu n'kuyeretsa zofiira. Modelo inaphunzira pa kutuwa kopangidwa ndi masamu ngati aja ndalemba pamwambapa, ndipo sidziwa filimu kapena galasi limene linagwiritsidwa ntchito tsiku limenelo.

Mukhoza kudzionera nokha malo amene pulogalamu ikungopeka, ndipo mwayamba kale osadziwa. Kulowetsa chithunzi chimodzi m'mapulogalamu awiri ndiyo njira yoyamba: pamene asiyana, palibe umboni. Pamene agwirizana mpomwe pali chiyembekezo, ngakhale akhoza kugwirizana chabe chifukwa anaphunzira pa zithunzi zofanana. Njira yachiwiri, dulani chithunzicho kuti patsale diresi ndi manja okha, n'kuchilowetsanso m'pulogalamu yomweyo. Mtundu ukasintha chifukwa mwachotsa mtengo umene unali kumbuyo, ndiye kuti unalibe maziko. Amene amagwiritsa ntchito pulogalamu yoika mitundu ya DeOldify angasinthe nambala ya `render_factor`, mwachitsanzo kuichotsa pa 35 n'kuika 15, n'kuona malo amene mitundu ikuyendayenda. Njira imene ndimaikonda kwambiri ndi yachitatu. Tengani chithunzi chanu cha mitundu chimene mwavala chovala chowala, chichotseni mitundu, kenako muchipereke kwa pulogalamuyo. Pakompyuta yokhala ndi pulogalamu yokonzera zithunzi ya ImageMagick, lamulo lochotsera mitundu ndi ili:

```
magick chithunzi.jpg -colorspace Gray chotuwa.png
```

Mukayerekeza chotulukacho ndi chenicheni, mudzapeza mitengo yalondola koma chovala chanu chavala mtundu wachilendo. Munthu akaona zimenezi kamodzi safunanso kumufotokozera. Yang'aninso m'mphepete mwa zinthu pokulitsa chithunzi: mtundu wa khungu wodontha kulowa m'kolala, dzanja limodzi lotuwa ngati phulusa pomwe linalo lili bwino, mkono umodzi wa diresi wabuluu wina wapepo. Izi zimachitika chifukwa mapulogalamu ambiri amapeka mitundu pa chithunzi chochepetsedwa, kenako n'kuitambasulira pa chachikulu.

Za nkhope zikundidetsa nkhawa kuposa za diresi. Kuika mitundu pakokha sikusintha maonekedwe a munthu. Chimene chasalaza mayi anu ndi gawo lina limene mapulogalamu ambiri a pafoni amaliyatsa osakuuzani, lokonza nkhope, la mtundu wa GFPGAN kapena CodeFormer. Gawo limeneli siliwalitsa zimene zilipo. Limajambula nkhope yatsopano yofanana ndi yosaoneka bwinoyo, potengera nkhope zambiri zimene linaphunzira. Nkhope ikakhala yaing'ono m'chithunzi, maso, mano ndi nsidze zimene zatuluka n'zopeka. Mpata wa pakati pa mano ukhoza kutsekeka, chipsera n'kufufutika, mphuno n'kuwongoka. Khungu lakuda nalonso limavutika: ndaonapo likutuluka lofiira ngati njerwa kapena loyezuka kuposa mwini wake. Lizimitseni gawo limeneli ngati pulogalamu ikulola. Mu CodeFormer muli nambala ya `-w` yoyambira 0 kufika 1, ndipo mukaiyandikitsa ku 1 nkhope imatsatira kwambiri yoyambayo, ngakhale siisalala kwenikweni. Ine ndimasankha nkhope ya mbuu imene abale akuizindikira.

Chithunzi chanucho ndikanachigwira motere. Choyamba, chipepala chenichenicho chisikanidwe pa 600 dpi n'kusungidwa ngati TIFF kapena PNG, ndipo fayilo imeneyo isakhudzidwenso. Ntchito yonse ichitike pa kope. Ngati chipepalacho chasanduka chachikasu ndi ukalamba, kopeyo ichotsedwe mtundu wonse kaye, apo ayi modelo imatenga chikasucho n'kuchipaka paliponse. Madontho ndi ming'alu zikonzedwe musanaike mitundu, chifukwa banga la madzi likhoza kutengedwa ngati duwa n'kupatsidwa utoto wake. Kenako lolani pulogalamu ichite zimene imatha: mitengo, thambo, khoma, pansi.

Diresi lipakidwe ndi dzanja. Mu pulogalamu yokonzera zithunzi ya GIMP, tsegulani chithunzi chimene chatuluka, ikani pamwamba leya yatsopano, imene ili ngati pepala loonekera loyalidwa pa chithunzi, musinthe kachitidwe kake kakhale `LCh Color`. Mu Photoshop dzina lake ndi `Color`. Leya yotere imasintha mtundu wokha, mithunzi ndi mapindo a nsalu zimatsala monga zinalili. Pakani kubiriwira pa diresi lonse ndi burashi yofewa, kenako tsitsani `Opacity` kufika pa 60 kapena 70 kuti isaoneke ngati penti yapakhoma. Kubiriwira kulinso kosiyanasiyana, ndiye musawafunse azakhali ndi mawu okha. Konzani makope atatu kapena anayi, kuyambira kobiriwira kopendekera kuchikasu kufika kopendekera kubuluu, muwaonetse asankhe. Chithunzicho chikuthandizani pa chinthu chimodzi: ngati diresi latuluka loderako, kubiriwira kwake sikunali kowala kwambiri, pokhapokha ngati wojambula anaika galasi lofiira. Kukumbukira kwa munthu patatha zaka 60 kukhoza kuphonya, komabe azakhali analiona diresilo ndi maso awo.

Mukamaliza, lembani m'munsi mwa chithunzicho, osati m'dzina la fayilo lokha limene limatayika mukachitumiza pafoni, mawu onga awa: "Mitundu yaikidwa ndi kompyuta, mtundu wa diresi ndi monga anakumbukira azakhali." Muzitumiza chakuda ndi choyeracho pamodzi ndi cha mitundu nthawi zonse, chifukwa adzukulu amene adzachipeze m'foni zaka zikubwerazi sadzakhala ndi womufunsa.