Dola ikalimba, golide amatsika mu ndalama iti?

"Akuti dola ikakwera mphamvu golide amatsika mtengo. Kodi amatsikanso mu mayuro?"

Nthawi zina, koma osati nthawi zonse. Pamsika wapadziko lonse golide amagulitsidwa mu madola, pa aunsi imodzi ya magalamu 31.1. Dola ikalimba, wogula ndi mayuro amaona kuti golide wadula, ndiye amachepetsa kugula, mtengo wa mu madola n'kutsika. Kawirikawiri dola imalimba chiwongoladzanja chikakwera ku America, ndipo golide, poti sabereka chiwongoladzanja, ambiri amamusiya.

Mtengo wa mu mayuro mumaupeza pochulukitsa mtengo wa mu madola ndi mtengo wosinthira ndalama. Tiyerekeze kuti aunsi ili pa madola 2,000, dola imodzi ikusinthidwa pa 0.90 yuro. Ndiye kuti ndi mayuro 1,800. Dola ikafika pa 0.95, golide n'kutsika kufika madola 1,940, mu mayuro ndi 1,843. Apa wakwera, ngakhale nkhani zikuti wagwa. Kuti atsikedi mu mayuro, ayenera kugwa kufika pansi pa madola 1,895.

Pamene ambiri amaphonya ndi pongoyang'ana tchati cha madola chokha. Mu 2022 dola inalimba kwambiri, koma ku Japan golide anakwera mu yeni, chifukwa yeniyo ndi imene inagwa zedi.