Kiyi wathu wapezeka pa GitHub, titani?

Funso: "Abale, ndimagwira ntchito pa kakampani kena ku Msasa. Dzulo ndinatumiza kodi pa GitHub, osadziwa kuti muli kiyi wa AWS, ndipo aliyense amatha kuona. Ndafufuta fayiloyo. Zatha?"

Achimwene, sizinathe. Git amasunga mbiri yonse, choncho kiyiyo akadali m'mbuyomo, ndipo pali mapulogalamu a akuba omwe amasesa GitHub usana ndi usiku kufunafuna mawu oyamba ndi AKIA, momwe makiyi a AWS amayambira. Muzingoti kiyiyo ali kale m'manja mwa eni ake ena. Muzimitseni panopa, musanayankhe n'komwe uthenga wangawu. Pa DZINA ikani dzina la mwini kiyiyo pa AWS, ndipo pa AKIA... ikani nambala yonse ya kiyiyo:

```
aws iam update-access-key --user-name DZINA --access-key-id AKIA... --status Inactive
```

Ndati kuzimitsa osati kufufuta chifukwa mufunika kuona kaye zomwe wachita. Lamulo la get-access-key-last-used likuuzani nthawi ndi dera lomwe anagwiritsidwa ntchito komaliza. Kenako tsegulani CloudTrail, yomwe imasunga zochitika za masiku 90, n'kusefa ndi nambala ya kiyiyo. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amangoyang'ana dera lomwe amagwiramo ntchito, mwina la Cape Town, pamene wakuba wayatsa maseva okumba ndalama za kripito kudera lina lomwe simunatsegulepo. Yendani dera lililonse. Mukaona CreateUser, CreateAccessKey kapena RunInstances zomwe simunachite inu, ndiye kuti munthuyo wadzisulira khomo lakelake, ndipo kuzimitsa kiyi woyamba uja sikumutulutsa. Chotsani zonse anapangazo. Palinso ziphaso zongoyembekezera zoyamba ndi ASIA, zomwe angakhale atatenga pogwiritsa ntchito kiyiyo. Zimatha kukhala zamoyo mpaka maola 36, choncho mulandeni DZINA uja zilolezo zonse kaye.

Abwana anu auzeni lero lomwe. Ndikudziwa n'zochititsa mantha, koma bilu ya madola ikabwera mwadzidzidzi zidzavuta kuposa apa.

Mukadzafuna kusintha kiyi pa nthawi ya mtendere, AWS imalola makiyi awiri pa munthu mmodzi dala. Mumapanga watsopano, n'kumuika paliponse pomwe wakale amagwira ntchito, kenako kudikira masiku angapo mpaka wakaleyo atasiya kuoneka akugwiritsidwa ntchito, ndiye kumuzimitsa. Ine ndinapupulumapo kwina komwe ndinkagwira ntchito, n'kupha pulogalamu yosunga makope usiku, ndipo tinazindikira patatha sabata.

Kiyi wanu wina, wa SSH, wolowera pa maseva yekha, ndingakonde atachoka pa laputopu, yomwe ingathe kusowa mukombi tsiku lililonse. Kuyambira OpenSSH 8.2, ya 2020, mungamumangirire ku kachipangizo ngati YubiKey:

```
ssh-keygen -t ed25519-sk
```

Chinsinsicho sichigwira ntchito popanda kachipangizoko, ndipo polowa mumayenera kukakhudza ndi chala. Gulani tiwiri, mulembetse tonse pa seva, kenako kamodzi mukasunge kunyumba, chifukwa kakatayika simungakopere kiyiyo kwina.