Kuyeza nsanja ndi foni: chomwe chikusiyanitsa mayankho

"Aphunzitsi atipatsa ntchito yopeza kutalika kwa nsanja ya netiweki ya kwathu ku Matawale. Foni ikundionetsa madigiri bwinobwino, koma ndikayeza kawiri mayankho akusiyana ndi mamita angapo, ndipo mnzanga wapeza 53 pomwe ine ndapeza 30. Nsanjayo ili mumpanda. Tikulakwitsa pati?"

Achimwene, tiyambe ndi mnzanuyo chifukwa yake ndi yosavuta. 30 ndi 53 si manambala ongogwa mwangozi. Mukaima mamita 40 kuchokera pansanja, foni n'kuonetsa madigiri 37, mupeza mamita 30. Pamalo omwewo, foni yomwe ikuwerenga kuchokera pa mzere woimirira m'malo mwa wogona ionetsa 53, popeza 37 ndi 53 zimakwana 90, ndipo yankho lake lituluka mamita pafupifupi 53. Muuzeni agoneke mbali yaitali ya foniyo patebulo. Ikalemba 90 m'malo mwa 0, azichotsa nambala yomwe akuona pa 90 asanawerengetse. Aonenso kakyuleta: tan 45 iyenera kupereka 1. Ikapereka 1.62 ndiye kuti ili pa RAD, aisinthe ikhale pa DEG.

Chomwe mukuchita mukaloza nsonga ya nsanja ndi ichi. Diso lanu, nsongayo, ndi malo a pansanja omwe ali mulingo umodzi ndi diso lanu zikupanga thirayango yaikulu yokhala ndi ngodya ya madigiri 90. Simungaikwere, koma mutha kujambula inzake yaing'ono papepala. Lembani mzere wogona wa masentimita 10, uimire mamita 40 aja. Kumapeto kwina ikani pulotirakita, mulembe mzere wokwera pa madigiri 37, ndipo kumapeto kwinako muimike mzere wowongoka mpaka ikumane. Mukayeza woimirirawo ndi rula mupeza masentimita 7.5. Popeza ngodya zonse n'zofanana ndi za thirayango yaikulu ija, mbali zakenso zimakula mofanana: sentimita imodzi ikuimira mamita 4, choncho 7.5 ndi mamita 30. Batani la tan limangokuchitirani chojambulachi mwachangu, kukuuzani kuti mbali yoimirira ndi gawo lanji la yogona.

```
h = d × tan(37°) + e
h = 40 × 0.7536 + 1.5 = 31.6
```

Apa h ndi kutalika kwa nsanja, d ndi mtunda wochokera pomwe mwaima kufika pansanja, e ndi kutalika kwa diso lanu kuchokera pansi. Ambiri amaiwala e, n'kuidula nsanja mita ndi theka.

Tsopano za kusinthasintha kwa mayankho anu. Kachipangizo ka mufoni kamamva mbali yomwe mphamvu yokokera zinthu pansi ikulowera, ndipo foni ikakhala chete kamachita bwino ndithu. Vuto limakhala dzanja ndi diso. Munthu mmodzi sangaloze nsonga n'kumawerenganso sikirini. Mukangotembenuza foni kuti muone, ngodya yasintha kale. Tengani bolopeni yotha, muchotse cha inki chamkati ndi kotseka kumbuyo, mumate mpopi wotsalawo ndi selotepi m'mbali yaitali ya foni, mbali yomwe ilibe mabatani, mutavula chikava. Inu muzisuzumira mumpopimo mutatsamiritsa dzanja pandodo, mnzanu aziwerenga ali pambali. Werengani kasanu, muphatikize, mugawe ndi 5.

Palinso kulakwa kwa foni yeniyeniyo, komwe kuwerenga kasanu sikungachotse. Igonekeni patebulo, lembani nambala, kenako muitembenuze pamalo omwewo kuti kumutu kupite komwe kunali kumiyendo. Foni yolongosoka imapereka manambala ofanana, ina ya + ina ya −, ngakhale tebulo likhale lopendekeka. Ikapereka +2 kenako 0, tebulo lapendekeka ndi digiri imodzi ndipo foni ikuwonjezera digiri ina. Muzichotsa 1 pa chilichonse chomwe yakuuzani.

Digiri imodzi ikumveka yochepa, koma taonani. Pa mamita 40, madigiri 37 akupereka 30.1 ndipo 38 akupereka 31.3, kusiyana kwa mita imodzi ndi pang'ono. Mukafika pafupi, mamita 10 okha, mudzakhala mukuyang'ana m'mwamba pa madigiri 72, ndipo kusuntha kufika pa 73 kukukwezani kuchoka pa 30.8 kufika pa 32.7. Mukapita kutali kwambiri, mamita 150, madigiri 11 ndi 12 akusiyana ndi mamita 2.7. Ndiye malo abwino ali pakati, pomwe ngodya ili pafupi ndi 45, kutanthauza kuti mtunda wanu ukhale wofanana ndi kutalika komwe mukuganizira. Paliponse pakati pa 30 ndi 55 ine sindidandaula. Ndikuganiza kuti munaima pafupi ndi mpanda, chifukwa m'makomboni athu malo otakasuka ndi osowa ndipo munthu amangoima pomwe nsonga ikuoneka.

Mpandawo uli ndi msampha wake. Nsanja zachitsulo zimatambasuka miyendo pansi n'kuning'a kumwamba, ndiye nsonga ili pamwamba pa pakatikati pa miyendoyo. Mtunda wanu uyenera kukafika pakati pamenepo, osati pageti. Mukayeza mamita 35 kufika pampanda n'kuiwala asanu amkati, mupeza 26.4 m'malo mwa 30.1. Osalowa. Imani moyang'anizana ndi mbali imodzi ya mpanda, yezani kufika pamenepo, kenako zungulirani kumbali, muyeze motsata mpandawo kuchokera pakona mpaka pomwe mwalunjikana ndi pakati pa nsanja. Phatikizani ziwirizo. Tepi ya amisiri omanga ndiyo yabwino. Ikasowa, chingwe chomwe mwachiyeza kale mamita 10 chiposa kuwerenga mapazi.

Chomwe mabuku satchula kawirikawiri, koma ife a pansi pa phiri sitingachithawe, ndi chitunda. Kuwonjezera 1.5 kuja kumagwira pokhapokha mapazi anu ali mulingo umodzi ndi tsinde la nsanja. Mukaima kumunsi kapena kumtunda, siyani za e, muyeze ngodya ziwiri muli pamalo amodzi: ya kunsonga ndi ya kutsinde. Tinene kuti muli kumunsi, mamita 40, nsonga ili pa madigiri 40 ndipo tsinde nalonso lili pamwamba pa diso lanu, pa madigiri 5.

```
h = 40 × (tan 40° − tan 5°)
h = 40 × (0.8391 − 0.0875) = 30.1
```

Mukanagwiritsa ntchito njira yoyamba ija mukanapeza 35, mutaipatsa nsanja mamita asanu a dothi. Ngati muli kumtunda ndipo tsinde mukuliyang'ana chotsika, phatikizani m'malo mochotsa. Mtunda d uyenera kukhala wogona, koma pachitunda chochepa chotere kuyala tepi pansi kumangowonjezera masentimita pafupifupi 30, musavutike nako. Mpanda ukabisa tsinde, lozani pansi pa mpandawo, popeza pabwalo la nsanja amakhala atasalaza.

Ena amanena za kuyeza ndi mthunzi. Ndi mathirayango ofanana omwewo: ndodo ya mita imodzi ikaponya mthunzi wa mamita 1.2, nsanja ya mthunzi wa mamita 38 ndi 38 kugawa ndi 1.2, pafupifupi 31.7. Yezani ziwirizo nthawi imodzi, mmawa kapena chakumadzulo, chifukwa kuno ku Zomba kumayambiriro kwa Novembala ndi kwa Febuluwale dzuwa la masana limakhala paliwombo ndipo mthunzi umatsala pang'ono kutheratu. Kungoti mthunzi wa nsanja yazitsulo umazilala kunsonga, ndiponso umagwera pamadenga a eni. Njirayi imakoma pansanja yanjerwa ngati yachikumbutso cha asilikali a King's African Rifles ija, koma kumeneko ndi pafupi ndi kampu ya asilikali ya Cobbe Barracks, yambani mwapempha musanayambe kuloza foni.

Polemba yankho, tchulani ngati mwayeza mpaka kansonga kotchinga mphezi kapena pomwe pathera zitsulo zikuluzikulu, ndipo inu ndi mnzanuyo muloze pamodzimodzi. Bwerezani kuchokera mbali ina pamtunda wosiyana, mwina mamita 30. Mayankho awiriwo akayandikana mosapitirira mita ndi theka, foni yachita zomwe ingathe. Lembani "pafupifupi mamita 32", osati 31.644.