Mkuwa umapita, matope ndi kutsala: za migodi ya dzenje ndi ya pansi

"Moni. Ndimamva kuti pali migodi yokumba dzenje lalikulu pamtunda, ina yolowa pansi panthaka. Woononga kwambiri chilengedwe ndi uti? Komanso bwanji mayiko ena ali ndi miyala yamtengo wapatali koma anthu ake ndi osaukabe?"

Zikomo achimwene, mafunso anu awiriwa ine ndimawaona ngati limodzi, ndipo yankho limayambira pa kuwerengera zimene zimachoka pamgodi ndi zimene zimatsala pomwepo.

Tiyambe ndi chifukwa chake kampani imasankha dzenje kapena kulowa pansi. Ndi masamu basi. Mwala ukakhala pafupi ndi pamwamba komanso womwazikana dera lalikulu, amachotsa dothi ndi miyala yapamwamba yonse nkumatsika ngati masitepe, akuphulitsa ndi mabomba, zimagalimoto zonyamula matani 200 kapena 300 ulendo umodzi zikutuluka usana ndi usiku. Njira imeneyi ndi yotchipa pa tani iliyonse, nchifukwa chake ngakhale mwala wokhala ndi mkuwa wochepa kwambiri umabweretsabe phindu. Koma dzenje likamazama liyeneranso kukula m'mbali kuti makoma asagumuke, ndiye imafika nthawi yoti miyala yopanda ntchito yofunika kuchotsa yachulukitsa, pamenepo ndi pamene amasiya nkulowa pansi. Mgodi wa Chuquicamata ku Chile unakumbidwa ngati dzenje zaka zoposa 100, mu 2019 anatsegula mbali yake ya pansi pa chifukwa chomwechi.

Tiyerekeze mgodi wa dzenje umene mwala wake uli ndi mkuwa 1 peresenti, ndipo migodi yambiri masiku ano sikufika ndi pamenepo pomwe. Kuti apeze tani imodzi ya mkuwa afunika matani 100 a mwalawo. Tinene kuti pa tani iliyonse ya mwala wabwino ayenera kuchotsa matani atatu a miyala wamba, ndiye kuti matani 300 aunjikidwa kale pambali asanapeze kanthu. Matani 100 aja amawapera mpaka kukhala ufa, amathira madzi ndi mankhwala, tizidutswa tokhala ndi mkuwa timayandama ndi thovu nkutiwengula, timatuluka matani atatu kapena anayi basi, momwe muli tani imodzi ya mkuwa ija. Otsalawo, matani oposa 95, ndi matope amene amawapopera kudamu. Mwaona, tani imodzi yakwera sitima kupita kunja, pafupifupi matani 400 atsala ndi anthu a pamalopo, ndipo sachoka mpaka kale.

Apa ndi pamene ine ndimada nkhawa kwambiri kuposa dzenjelo. M'miyala yotereyi nthawi zambiri mumakhala payiraiti, mwala wonyezimira ngati golide wokhala ndi chitsulo ndi salufa. Ukakhala pansi osakhudzidwa sulakwa kanthu, koma ukaphwanyidwa nkukumana ndi mpweya ndi madzi umapanga asidi, asidiyo amasungunula zitsulo zina zoopsa nkutsikira nazo kumtsinje. Mudzadziwa poona madzi ndi miyala ya mumtsinje itasanduka yofiirira ngati dzimbiri, nsomba mulibe, achule ali zii. Ndipo zimapitirira zaka makumimakumi mgodi utatsekedwa kale. Damu la matope nalo, ambiri amalikweza pang'onopang'ono pogwiritsa ntchito matope omwewo, ena amamanga khoma latsopano pamwamba pa matope akale osauma bwino chifukwa ndi kotchipa. Madzi akachuluka mkati matopewo amasungunuka mwadzidzidzi. Ku Brumadinho ku Brazil, Januwale 2019, damu lomangidwa mwa njira imeneyi linaphulika, anthu 270 anafa, ambiri anali ogwira ntchito pamgodi pomwepo, ena ali pa nkhomaliro.

Mgodi wa pansi sudya malo ambiri pamtunda ndipo miyala yotayidwa imachepa chifukwa amatsata mtsempha wa mwalawo, pamenepo ukuposa dzenje, ndivomere. Koma matope a kuchigayo amakhalapobe, asidi amakhalapobe, kuonjezera apo amapopa madzi usana ndi usiku kuti ngalande zisadzaze, zitsime za midzi yozungulira nkumauma, malo ena nthaka imatitimira nyumba nkung'aluka. Ndipo vuto lalikulu limagwera thupi la wokumbayo. Ku Mponeng ku South Africa amakumba golide pafupifupi makilomita anayi pansi, mwala umatentha kufika madigiri 60, amachita kutsitsa ayisi kuti anthu athe kugwira ntchito. Fumbi la mwala limalowa m'mapapo nkuwaumitsa, matenda aja amati silikosisi, ndipo amatsegulira njira chifuwa chachikulu. Ndiye mukandipanikiza, ndinena kuti dzenje limaononga kwambiri nthaka ndi nkhalango, wa pansi umaononga kwambiri anthu ndi madzi a pansi, koma chimene chimasiyanitsa zenizeni ndi mtundu wa mwalawo komanso mmene akusungira zotsalira. Ku Kabwe ku Zambia mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, mpaka lero ana akupezekabe ndi mtovu wambiri m'magazi chifukwa cha fumbi la milu yomwe inasiyidwa.

Tsono ku ndalama. Mgodi wamakono umadalira makina osati manja, ungathe kubweretsa gawo lalikulu la ndalama zakunja za dziko koma olembedwa ntchito ndi masauzande ochepa, makina ndi zipangizo zambiri nkumagulidwanso kunja. Ndiye njira yeniyeni yoti chumacho chifike kwa anthu ndi msonkho, ndipo pamenepa ndi pamene pamadontha. Kampani imayamba yachotsera ndalama zonse zimene inamangira mgodi isanayambe kulipira msonkho wa phindu, zimatha kutenga zaka zambiri. Ina imagulitsa mwalawo motchipa ku kampani inzake ya eni omwewo yolembetsedwa kudziko la msonkho wotsika, kapena kubwereka ngongole ya chiwongola dzanja chokwera kwa iyo yomwe, mabuku a pamgodi nkumaonetsa kuti palibe phindu pomwe phindulo laonekera kwina. Nchifukwa chake ine ndimakonda msonkho wowerengera pa mtengo wa zonse zogulitsidwa, ndi wovuta kuubisa, bola boma likhale ndi anthu ake oyeza kulemera ndi kuchuluka kwa chitsulo m'katundu wotuluka.

Ngakhale ndalama zitalowa, mitengo simakhazikika. Zambia inkadalira mkuwa pa ndalama zakunja zoposa 90 peresenti, mtengo utagwa mu 1975 boma linabwereka poganiza kuti ukweranso msanga, sunakwere, ngongole inalimanga dzikolo zaka zambiri. Mtengo ukakwera napo pali msampha wina, madola akachuluka ndalama ya dzikolo imalimba, katundu wakunja amatchipa, alimi ndi mafakitale a m'dzikomo amalephera kupikisana nawo, mwala ukadzatha mupeza kuti zinazo zinafa kale. Komanso boma lopeza ndalama kuchokera ku makampani awiri atatu silisowa kwenikweni kumvera nzika zokhoma msonkho, katangale amamera mosavuta pamenepo.

Koma si tsoka lolembedwa ayi. Botswana anapeza dayamondi ku Orapa mu 1967 ali dziko losauka kwambiri, anakambirana ndi okumbawo mpaka boma linakhala ndi theka la kampani yokumba dayamondi ya Debswana, ndalama zambiri anaika ku sukulu, zipatala ndi misewu, zina nkusunga m'thumba la Pula Fund. Ulova ndi kusiyana kwa olemera ndi osauka kulipobe kumeneko, ndipo mitengo ya dayamondi ikatsika amavutika ndithu.

Mukamva za mgodi watsopano, funsani ngati mgwirizano wake uli poyera kuti aliyense awerenge, funsani mamangidwe a damu la matope ndi amene akukhala kumunsi kwake, makamaka funsani ngati kampani yasungitsiratu ndalama zokonzera malowo isanayambe kukumba, ndalama zoti boma lingathe kuzitenga ngakhale kampaniyo itagwa. Popanda zimenezo matani 400 aja adzawalipirira okhoma msonkho.