Mwambi suyenera kubwerekeredwa dzina

"Agogo, ndili fomu 4 kuno ku Nkhotakota. Ndaona pafoni mawu akuti 'Mutu umodzi susenza denga', pansi alemba John Chilembwe. Ndiwayike mu sipichi yanga yotsazika?"

Ayike mdzukulu wanga, koma dzinalo ulichotse. Ukanayamba wafunsa kuti amene analemba dzinalo anamva kwa yani.

Umenewo ndi mwambi wa makolo. Ife tinkaumva ponyamula denga la nkhokwe, amuna atazungulira, wina akuyitana anzake. Ngakhale Chilembwe akanaunena, akanakhala akubwereza za makolo ake. Dzina la wobwereza ndi limene limakanirira pa mawu, makamaka likakhala la munthu amene nkhope yake ili pa ndalama. Zili ngati mpunga pamsika: wogulitsa aliyense amati wake ndi kilombero kuti uyende msanga. Wina akalemba, mnzake amangotumiza, ndipo pofika kwa iwe anthu aona kambirimbiri mpaka akuyesa umboni.

Kale pabwalo la mfumu zimenezi sizinkatheka. Munthu ukati "uje anati", nduna zinkakufunsa: unalipo? Ananenera kuti? Panali ndani wina? Ukakhala kuti sunalipo unkanena poyera kuti "ndinamva kwa amalume", ndipo amalumewo ankayitanidwa. Mawu akale opanda mwini tinkawayamba ndi "akuluakulu anati", ndipo bwalo lonse linkakhala chete. Panalibe manyazi. Ana inu mumaona ngati akuluakulu opanda dzina ndi ochepa mphamvu, ndiye mumathamangira kukabwereka dzina la Mandela. Zimandiwawa, chifukwa potero mukulanda agogo anu nzeru zawo n'kupatsa munthu amene ali kale ndi zake.

Taona za Chilembwe yemweyo. Mu Novembala 1914 analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo ya azungu. Mawu a m'kalatayo ndi ake, ungawatchule mosaopa. Koma aja otchuka onena zokantha kamodzi kenako n'kufa tinawalandira kudzera mwa George Mwase, amene analemba cha m'ma 1932, Chilembwe atamwalira kale mu 1915, ndipo Mwaseyo anachita kumva kwa ena. Pamenepo woona mtima amati "Mwase analemba kuti Chilembwe anati". Usadumphe munthu wapakatiyo.

Tsono ukapeza mawu, funa kalata, buku kapena tsiku limene ananenedwa. Ukawaona pena ali ndi dzina ili, pena dzina lina, dziwa kuti mwini wake anatayika. Ngati ndi mwambi, lemba "mwambi wa makolo". Usafulumire kuti "wa Achewa", poti kuno kunyanja Achewa, Ayao ndi Atonga akhala akubwerekana miyambi kuyambira kale. Ngati ndi mawu amakono, lemba "mwini mawu sakudziwika", osawatcha mwambi pofuna kuwakometsa.

Pa tsikulo imirira bwino unene kuti "akuluakulu anati". Makolo amene adzakhale m'holomo adzaumaliza okha mwambiwo usanafike pa "denga".